Amuna awo anamwalira, akubwerera ku ntchito Lolemba: ndiwalembere chiyani?

*Ndine mkulu wa gawo lowerengera ndalama pakampani ina, ndipo ndimayang'anira anthu asanu ndi mmodzi. Mayi wina wa m'gawo langa, amene amakonza malipiro a antchito, amuna awo anamwalira mwadzidzidzi milungu iwiri yapitayo. Akubwerera ku ntchito Lolemba. Ndalemba uthenga uwu: "Takulandiraninso Mayi. Tikukhulupirira kuti mwapeza bwino tsopano. Tinakusowani kwambiri, ntchito yanu ikukudikirani. Limbani mtima." Ndikauwerenga ndikumva kuti penapake sipali bwino, koma sindikudziwa kuti ndi pati. Ndiutumize, kapena ndingokhala chete n'kuwapatsa moni akafika?*

Bambo, kukhala chete ayi. Koma uthengawo musautumize mmene ulilimu, chifukwa mtima wanu wakuuzani zoona.

Ndiyambe ndi zimene zimakhala m'mutu mwa munthu woferedwa usiku wa Lamlungu, mawa lake akupita ku ntchito. Pazaka zimene ndagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito, ndacheza ndi anthu ambiri amene anadutsa pamenepa, ndipo nkhawa zawo zimafanana modabwitsa. Saganiza kwambiri ngati bwana akuwamvera chisoni kapena ayi. Amaganiza za khomo la ofesi. Ndikalowa, anthu akandiyang'ana bwanji? Ndani akudziwa, ndipo akudziwa zotani? Patebulo panga paunjikana zochuluka bwanji? Misozi ikandibwerera pamaso pa anthu ndikalowera kuti? Masiku amene ndakhala kunyumbawa adula pamalipiro kapena ayi? Uthenga wabwino wa bwana ndi umene umayankha mafunso amenewa munthu asanadzuke Lolemba. Mawu achipepeso ayenera kukhalamo, koma amenewo mayiwa amva ambirimbiri milungu iwiri yonseyi, kuchokera kwa abale, anansi ndi anzawo. Chimene palibe wina aliyense angawauze koma inu nokha ndi mmene Lolemba likhalire.

Tsopano tiuone uthenga wanu, mawu ndi mawu.

"Mwapeza bwino" timauza munthu amene anadwala malungo kapena anathyoka mwendo. Mawuwa akusonyeza kuti vuto linalipo ndipo latha, kapena likuyenera kukhala litatha. Mayi amene anaika amuna awo m'manda masiku khumi apitawo akawerenga zimenezi amangoona kuti akafike ndi nkhope yoti zonse zili bwino. Ndipo adzachitadi zimenezo, adzamwetulira, adzati "tili bwino bwana," inu n'kukhulupirira. Pamenepo mwadzitsekera nokha njira yodziwira zoona.

"Ntchito yanu ikukudikirani" ndikudziwa chimene mumafuna kunena. Mumafuna kuwatsimikizira kuti malo awo alipo, palibe wawalanda. Koma iwo amva zina: mulu wa mafayilo, mwezi ukutha, malipiro a anthu sanakonzedwe, ndipo zonsezi n'chifukwa choti iwo kunalibe. "Tinakusowani" ikatsatana ndi mawu amenewa nayo imasintha tanthauzo, imakhala ngati mukuti tinavutika chifukwa cha inu.

"Limbani mtima" ndi mawu amene tonse timanena, ndipo akachokera kwa mnzako kapena mbale savulaza kwenikweni. Akachokera kwa bwana amamveka ngati lamulo la pa ntchito: kuno osalira. Kumbukirani kuti chilichonse chimene munganene chimalemera kuposa cha mnzawo wa tebulo loyandikana, popeza ndinu amene mumasaina tchuthi chawo ndi kulemba lipoti la kagwiridwe kawo ka ntchito.

Koma vuto lalikulu ndi chimene mulibe mu uthengamo. Simunatchule imfa. Munthu wina atauwerenga osadziwa nkhani angaganize kuti mayiwa anapita kokacheza. Mabwana ambiri amapewa kutchula malemu poopa kukumbutsa mwini wake chisoni, ngati kuti angakhale ataiwala. Sanaiwale. Akudzuka nazo, akugona nazo. Mukazemba kutchula, chimene amaphunzira n'chakuti nkhaniyi kuntchito ndi yosakambika, ndipo iwo ndi amene ayenera kusamala kuti ena asamangike.

Musanalembe china, pali zinthu zingapo zoti muzidziwe bwinobwino, chifukwa uthenga umene ndikufuna mulembe uli ndi malonjezo. Funsani ku ofesi yoona za antchito kuti masiku amene mayiwa akhala kunyumba awerengedwa bwanji: angati ndi a tchuthi cha maliro, angati achotsedwa pa tchuthi chawo cha pachaka, ndipo alipo amene sadzalipidwa kapena ayi. Funsaninso ngati muli ndi mphamvu zowalola kugwira theka la tsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Malamulo pankhaniyi amasiyana dziko ndi dziko, kampani ndi kampani. Ku Britain, mwachitsanzo, kuyambira mu Epulo 2020 lamulo limapatsa kholo limene mwana wake wosakwana zaka 18 wamwalira tchuthi cha milungu iwiri. Ku New Zealand, mu 2021 anavomereza masiku atatu olipidwa kwa mayi amene wapita padera pamodzi ndi mwamuna wake. M'malo ambiri nkhaniyi imangodalira zimene zinalembedwa m'mgwirizano wa ntchito. Kulikonseko masikuwa ndi ochepa, ndipo amawerengedwa poganizira zokonza maliro ndi mapepala. Palibe anawawerenga poyeza kuti chisoni chimatha liti. Choncho tsiku lobwerera ku ntchito limangotanthauza kuti tchuthi chatha, basi. Ena amabwerera chifukwa akusowa ndalama, ena chifukwa nyumba yawakulira ndipo sakufuna kukhalamo okha tsiku lonse.

Mukadziwa zimenezi, uthenga wake ungakhale wotere. Pamene ndalemba Uje ndi Ngana muikepo mayina enieni.

*Mayi Uje,*

*Pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya amuna anu, Bambo Uje. Takhala tikukuganizirani inu ndi banja lonse.*

*Ndamva kuti mubwera Lolemba. Ngati tsikuli lafulumira, ndiuzeni tilisunthe. Ngati mubwera, sabata yoyambayi muzifika 10 koloko n'kuweruka 2 koloko masana. Ndakambirana kale ndi a ku ofesi yoona za antchito, malipiro anu sadulidwa.*

*Malipiro a antchito a mwezi uno akukonza ndi a Ngana mpaka malipirowo atuluke. Maimelo amene anabwera inu kulibe tinayankha, ndipo palibe chimene chatsalira chodikira inu.*

*Anzanu a m'gawo lathu ndinangowauza kuti amuna anu anamwalira, zina sindinanene. Ngati simukufuna kuti azikufunsani za malirowa, ndidziwitseni ndiwauze musanafike.*

*Mukafika mundipeza mu ofesi. Tidzakhale pansi mphindi khumi zokha kuti tione za sabatayi.*

*Musavutike ndi kuyankha. Ndikapanda kumva kanthu, ndidziwa kuti tionana Lolemba 10 koloko.*

Muona kuti mulibe mawu okometsera. Chiganizo chimodzi chachipepeso, chimodzi chosonyeza kuti sanaiwalidwe, zotsala zonse ndi nthawi, ntchito ndi anthu. Ena amati uthenga wotere ndi wouma. Ine ndaona anthu akuusunga pafoni miyezi.

Dzina la malemu ndaliikamo dala. Ngati mukulidziwa, litchuleni, ndipo onetsetsani kuti mwalilemba molondola. Ngati munakumanapo nawo, mutha kuwonjezera chiganizo chimodzi cha chinthu chenicheni chimene mukukumbukira, monga tsiku limene anabwera kudzawatenga mvula ikugwa n'kudikira pakhomo ola lathunthu osadandaula. Ngati simunawaonepo, musapeke. Kulemba kuti "anali munthu wabwino kwambiri" za munthu amene simunamudziwe kumaonekera, ndiponso simudziwa mmene banjalo linkakhalira. Pachifukwa chomwecho ndasiya mawu monga "chinali chifuniro cha Mulungu" kapena "ali kumalo abwino." Mwina inu ndi mayiwa mumapemphera limodzi ndipo mukudziwa kuti mawu otere amawatonthoza, pamenepo nenani. Ngati simukudziwa, asiyeni. Pali anthu opemphera kwambiri amene pamilungu yoyambirira safuna kumva kuti imfa ya mwamuna wawo inali chifuniro cha wina aliyense. Chinanso chosiya ndi "ndikudziwa mmene mukumvera." Ngakhale inunso munaferedwapo, nkhani yanu isunge tsiku lina, iwo akadzafunsa.

Ziganizo ziwiri zomalizira ndi zimene anthu ambiri amaiwala. Munthu woferedwa amakhala ndi mauthenga mazana pafoni amene sanayankhe, ndipo uliwonse umamukhala ngati ngongole. Wa bwana ndiye ngongole yaikulu. Mukangoti "ndiuzeni chimene mukufuna" n'kulekera pomwepo, mwamupatsa ntchito yoganiza, yosankha ndi yolemba, pa nthawi imene ngakhale kusankha chovala kukumuvuta. N'chifukwa chake uthengawu wasankhiratu: Lolemba, 10 koloko, theka la tsiku. Akafuna kusintha asintha, akapanda kutero zinthu ziyenda zokha. Mawu akuti "mukafuna chilichonse mundiuze" ndi okoma, koma sindikukumbuka munthu ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzapempha kanthu chifukwa cha mawu amenewo. Amene anathandizidwa ndi amene anauzidwa chinthu chodziwika, n'kungovomera kapena kukana.

Nanga bwanji 10 koloko, osati nthawi yolowera anthu onse? Chifukwa 8 koloko aliyense amakhala pakhomo, m'khonde, popangira tiyi, ndipo mayiwa angafunike kulandira "pepani" kakhumi asanafike pampando wawo. Pofika 10 koloko anthu amakhala atakhazikika pantchito, ndipo amabwera mmodzimmodzi. Ena ndimawauzanso kuti ngati n'kotheka ayambe Lachitatu kapena Lachinayi, kuti sabata yoyamba ikhale yaifupi. Inu tsiku mwagwirizana kale, lisiyeni, koma njira yosinthira ikhale yotsegula.

Uthengawu utumizeni Lachinayi kapena Lachisanu, masana, nthawi ya ntchito. Lamlungu usiku n'kuchedwa, komanso uthenga wa bwana wausiku umadzidzimutsa munthu asanautsegule n'komwe. Musautumize pa imelo ya kuntchito, chifukwa kuti auone ayenera kutsegula bokosi limene muli maimelo ena onse a milungu iwiri. Tumizani pafoni, panjira imene mumalankhulirana kale, kwa iwo okha. Pagulu la ofesi ayi, ndipo musaikepo mkulu wanu kapena wina aliyense kuti aone nawo. Kuimba foni kuli ndi ubwino wake, koma kumakakamiza munthu kuyankha nthawi yomweyo, mwina ali pakati pa alendo kapena akulira. Uthenga wolembedwa amauwerenga pamene akufuna, n'kuubwerezanso Lamlungu usiku nkhawa zija zikayamba.

Pa nkhani youza anzawo ndikhalepo pang'ono, chifukwa mwati imfayi inali yadzidzidzi. Imfa yadzidzidzi imabala mafunso, ndipo mu ofesi mafunso amasanduka mphekesera. Chimene chinapha munthu ndi nkhani ya banja. Kaya ndi ngozi, kaya matenda amene banja silinafune kuti adziwike, kaya munthu anadzipha, inu si woulutsa, ngakhale mukudziwa. Chiganizo chakuti "zina sindinanene" chimawamasula mayiwa kwambiri, chifukwa amadziwa pamene nkhani yafika ndipo zotsalazo zili m'manja mwawo. Koma chikhale choona. Ngati munanena kale zambiri pamsonkhano, auzeni zimene munanenazo, asakazimvere kwa wina. Ndipo akayankha kuti sakufuna kufunsidwa, auzeni anzawo momveka Lachisanu lomwelo: apatseni moni monga mwa masiku onse, "pepani" mmodzi ndi wokwanira, mafunso a mmene zinachitikira ayi. Muwachenjezenso kuti kusafunsa si kuthawa munthu. Chimene chimapweteka kwambiri oferedwa ambiri ndi mnzawo wa zaka zisanu amene akawaona m'khonde amakhotera kwina chifukwa chosowa chonena.

Tsopano za ntchito yeniyeniyo, pamene ine ndinalakwitsapo. Zaka zapitazo, pakampani ina imene ndinkagwira, bambo wina anabwerera ku ntchito mwana wake atamwalira. Pofuna kumuchitira chifundo, ine ndi mkulu wa gawo lake tinagawa ntchito zake zonse kwa ena kwa mwezi wathunthu, osamufunsa. Ankafika m'mawa, n'kuyatsa kompyuta, n'kukhala. Tsiku lachinayi anabwera mu ofesi yanga, anatseka chitseko bwinobwino, n'kundifunsa ngati tikukonza zomuchotsa ntchito. Nditamufotokozera, anandiuza kuti kunyumba chilichonse chimamukumbutsa mwanayo, nsapato pakhomo, kapu yake, ndipo anabwera kuntchito kuti mutu wake ugwireko china kwa maola ochepa. Ife tinamulanda chinthu chomwe anadzera.

Zimene bamboyo ananena ofufuza ena anazifotokoza kale. Mu 1999, Margaret Stroebe ndi Henk Schut a ku Netherlands analongosola kuti munthu woferedwa amasinthasintha pakati pa zinthu ziwiri: nthawi ina amayang'anizana ndi imfayo, kulira ndi kukumbuka, nthawi ina amatembenukira ku moyo umene ukupitirira, ntchito, ana, mabilu. Kusinthasinthaku n'kwabwino, ndi mmene munthu amapiririra. Ndiye mukadzaona mayiwa akuseka ndi anzawo 11 koloko, n'kuwapeza akupukuta misozi 1 koloko, musadabwe ndipo musaganize kuti kumodzi mwa kuwiriko n'kwachinyengo. Ntchito ili ndi malo ake pakupirira kwawo. Chofunika n'kusankha kuti ndi ntchito iti.

Apa nkhani yanu ili ndi povuta pake, poti mayiwa amakonza malipiro. Chisoni chimasokoneza tulo, ndipo munthu wosagona amaiwala, amawerenga mzere umodzi katatu, amasemphanitsa manambala. Ntchito ya malipiro ili ndi tsiku losasunthika, ndipo cholakwika chimodzi chimakhudza anthu ambiri amene adzabwera kudzadandaula kwa iwo omwewo. N'chifukwa chake mu uthenga muja malipiro a mwezi uno ndawasiya kwa a Ngana mpaka atuluke. Kulandira ntchito yotere pakatikati, wina atayamba kale, n'kovuta ngakhale kwa munthu amene mutu wake uli m'malo. Sabata yoyamba apatseni ntchito imene amaidziwa bwino, yokhala ndi poyambira ndi pothera, imene ikalakwika ikhoza kukonzedwa mawa popanda wovulala: kuyanjanitsa mabuku a mwezi wathawo, kukonza mafayilo a antchito atsopano, zotere. Mwezi wotsatira abwerere pa malipiro, koma wina aziona kachiwiri asanatumize ku banki. Kanenedwe kake n'kofunika. Musati "tiziona ntchito yanu poti simuli bwino." Nenani kuti kwa miyezi iwiri malipiro azidutsa m'maso mwa anthu awiri kuti katundu asakhale pa munthu mmodzi, ndipo tchulani mwezi umene dongosololi lidzathe. Mukapanda kutchula mathero, iwo adzaona ngati mwasiya kuwakhulupirira.

Ndaika mu uthengamo kuti maimelo munayankha. Ngati simunayankhe, chitani zimenezo Lachisanu lisanathe, kapena chotsani chiganizocho. Munthu wouzidwa kuti palibe chomudikira, n'kutsegula kompyuta n'kupeza maimelo 200 osawerengedwa, ena olembedwa kuti "mwachangu," sadzakhulupiriranso mbali ina iliyonse ya uthenga wanu. N'chimodzimodzi ndi lonjezo la theka la tsiku ndi la malipiro. Bwana akalonjeza kuti malipiro sadulidwa, mwezi n'kutha pepala la malipiro likusonyeza kuti masiku anayi achotsedwa, kuvulala kwake kumaposa kukhala chete kuja. Ndipo mayiwa, poti ndi ntchito yawo, adzazindikira msanga.

Pali zina zimene siziyenera kulowa mu uthengawu ngakhale zili zofunika. Ofesi yoona za antchito mwina ikufuna kalata yotsimikizira imfa, fomu ya tchuthi yosainidwa, ndiponso kusintha mapepala a penshoni ndi inshulansi pamene dzina la malemu linalembedwa ngati wolandira kapena ngati munthu woimbiridwa foni pakagwa ngozi. Zonsezi zichitike, koma osati mu uthenga wowalandira, ndipo osati Lolemba. Pitani nokha ku ofesiyo mukawapemphe kuti asatumize kalata yokumbutsa sabata yoyamba. Nthawi yake ikafika, munthu mmodzi akhale nawo pansi n'kumaliza mapepala onse kamodzi. Kufufuta dzina la mwamuna wako pafomu n'kulembapo la wina ndi kanthu kakang'ono kwa wogwira mafayilo, koma ndaona anthu amene anapirira maliro onse osagwetsa msozi akulephera kugwira cholembera pamzere umenewo.

Lolemba likafika, mphindi khumi zija zikhaledi khumi, pokhapokha iwo atafuna kupitiriza. Funso lakuti "muli bwanji?" limangobweretsa "tili bwino." Funsani kuti "lero mwadzuka bwanji?" kapena "kubwera kuno kwakhala bwanji?", chifukwa za lero munthu amatha kuyankha. Auzeni chipinda chimene angapite akafuna kukhala okha, ndiponso kuti akafuna kuchoka msanga angotumiza uthenga, safunika kufotokoza. Akalira, musathamangire kuwatonthoza kapena kusintha nkhani. Khalani chete, dikirani, madzi akumwa akhale pafupi. Akakhala kuti sakufuna kukamba chilichonse koma ntchito, kambani ntchito. Mwanena kale zofunika mu uthenga, simukuyenera kuzibwereza.

Mwina adzayankha uthenga wanu kuti "zikomo bwana, koma ndibwera 8 koloko ndipo ndigwira tsiku lonse." Aloleni. Musalimbane nawo pofuna kuwachitira chifundo chimene sanapemphe. Ingowauzani kuti mwayi wa theka la tsiku ulipobe mpaka sabata yachiwiri ngati angasinthe maganizo, chifukwa kawirikawiri amene amayamba ndi mphamvu zonse amatopa pofika Lachinayi.

Chomaliza chimene ndikufuna muchite Lachisanu lomwelo ndi kutsegula kalendala yanu. Sabata yoyamba aliyense amakhala wachifundo. Pofika sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, ofesi imakhala itaiwala, alendo kunyumba anabalalika kalekale, ndipo m'pamene ambiri amayamba kumva kulemera kwenikweni. Pamenepo mabwana ena amayamba kung'ung'udza kuti "koma pano bwenzi atazolowera." Maganizo amenewa amalimbikitsidwa ndi chiphunzitso chotchuka chakuti chisoni chili ndi masitepe asanu, kuyambira kukana mpaka kuvomereza. Elisabeth Kübler-Ross anafotokoza masitepewo mu 1969 kuchokera pa kucheza kwake ndi odwala amene anali pafupi kumwalira, ndipo oferedwa satsata mndandanda wotero. Wina amaoneka wolimba mwezi woyamba n'kugwa wachitatu. Wina amapirira bwino kuyambira pachiyambi mpaka kalekale, ndipo zimenezo si chizindikiro cha vuto. Choncho lembani pakalendala kuti mudzacheze nawo mwachidule pakatha milungu iwiri, kenako isanu ndi umodzi, kenako miyezi itatu. Lembaninso tsiku limene amuna awo anamwalira, kuti chaka chamawa musadzaike msonkhano waukulu kapena tsiku lomalizira lipoti pamenepo, ndipo akadzapempha tchuthi sabata imeneyo musadzafunse chifukwa.

Inu si dokotala, ndipo musayese kuyeza chisoni chawo. Koma pali zimene bwana amaona tsiku ndi tsiku zimene ena saona. Miyezi ikamapita zinthu n'kumaipiraipira m'malo mopepuka, kujomba kukuchuluka, munthu akuonda, sakulankhula ndi aliyense, kapena akubwera akununkha mowa, khalani nawo pansi muwauze zimene mwaona, mosawaimba mlandu, n'kuwalozera kwa mlangizi kapena kuchipatala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, linaikamo chisoni chokhalitsa chimene chimalepheretsa munthu kuyendetsa moyo wake, ndipo limanena za chisoni chimene chapitirira miyezi isanu ndi umodzi chili chowawa chomwecho. Akatswiri a matenda a maganizo a ku America amawerengera miyezi 12 kwa akuluakulu. Manambalawa akukuuzani kuti pa milungu iwiri, ngakhale pa miyezi itatu, kulira ndi kuiwalaiwala si matenda. Chimodzi chokha sichidikira miyezi: akanena mawu osonyeza kuti akufuna kutsatira amuna awo kapena kuti moyo ulibenso ntchito, afunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, musawasiye okha, ndipo athandizeni kuonana ndi achipatala tsiku lomwelo.

Pa uthenga wanu woyamba uja, mawu amodzi asungeni. "Tinakusowani" ndi mawu abwino, kungoti anakhala pamalo olakwika. Musawalembe. Mudzawanene ndi pakamwa Lolemba, mayiwa atakhala pansi, ndipo pambuyo pake musadzatchule fayilo iliyonse.